Chidule cha kafukufuku: ndime imodzi yoyenda yokha

Mwana wa mchemwali wanga adafika kwathu Lachinayi madzulo, laputopu ili m'khwapa, maso ali psuu ndi tulo. Buku lake la kafukufuku, lija a ku yunivesite amalitcha disetesheni, limayenera kukaperekedwa Lolemba. Machaputala onse asanu anali atatha ndipo asupavayiza ake anali atawavomereza. Kudatsala tsamba limodzi lokha, lakumayambiriro.

"Amalume, ndangotsala ndi abusitirakiti basi," iye adatero. "Mungondionerako Chingerezi chake, mawa ndikabayinditse."

Chingerezi chidalibe vuto. Vuto lidali lakuti nditawerenga tsamba lonse, sindidadziwe chimene mwanayu adapeza. Adayamba ndi kufotokoza kuti nkhani yomwe adafufuza ndi yofunika pa dziko lonse lapansi, kenako mu Africa, kenako m'Malawi. Adatchula akatswiri atatu ndi zaka zimene adalemba mabuku awo. Chiganizo chomaliza chidalonjeza kuti zotsatira ndi malangizo zafotokozedwa m'machaputala awiri omaliza.

"Nanga iweyo wapeza chiyani?" ndidamufunsa.

"Zili m'chaputala 4, amalume."

"Ndiye munthu amene alibe chaputala 4 atani?"

Adandiyang'ana modabwa, chifukwa m'maganizo mwake aliyense wowerenga tsambalo ndiye kuti wagwira buku lonse m'manja. Ophunzira ambiri amaganiza chimodzimodzi, ndipo zolakwika zambiri za patsambali zimaphukira pamenepa.

Abusitirakiti, kapena kuti chidule cha kafukufuku, ndi ndime yaifupi imene imaikidwa pansi pa mutu wa pepala la kafukufuku kapena kumayambiriro kwa disetesheni. Magazini ambiri a akatswiri amalola mawu apakati pa 150 ndi 250. Mayunivesite amasiyanasiyana, koma kawirikawiri safuna kuti chidule chidutse tsamba limodzi. Chachikulu n'chakuti ndimeyi imayenda yokha. Mukafufuza nkhani ya zaumoyo pa PubMed, nkhokwe yaikulu ya mapepala a zachipatala imene aliyense amailowa mwaulere kuyambira 1997, chimene chimatuluka pa sikirini ndi mutu, maina a olemba ndi chidule. Pepala lenilenilo nthawi zambiri limafuna kulipira, ndipo mtengo wa pepala limodzi lokha ukhoza kuposa ndalama ya ndiwo ya mlungu wonse. Ngakhale likhale laulere, dokotala kapena mlangizi amene kwatuluka mapepala 200 pa funso lake sangawerenge onse. Amawerenga zidule, n'kusankhapo asanu kapena khumi oti awatsegule. Mkonzi wa magazini nayenso amayambira pomwepo poganiza ngati pepala likuyenera kutumizidwa kwa akatswiri ena kuti akaliunike, ndipo akatswiriwo akamapemphedwa, kawirikawiri amangoona mutu ndi chidule asanavomere ntchitoyo.

Choncho chidule si mawu oyamba. Mawu oyamba amatsegulira njira zomwe zikubwera, ndipo amatha kunena kuti "tiona kutsogoloku" chifukwa kutsogoloko kulipo. Chidule chilibe kutsogolo. Ndi kafukufuku yense atafinyidwa, kuyambira funso mpaka yankho.

Chitsanzo cha kwathu konkuno

Kuti tione mmene zimakhalira, titenge kafukufuku weniweni amene adachitika m'Malawi muno ndipo adasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Adamutsogolera ndi Indi Trehan ndi anzake. Nkhani yake idali ya ana onyentchera kwambiri amene amalandira chiponde n'kumakadyera kunyumba osagonekedwa m'chipatala. Magazini imeneyi imafuna kuti chidule chisapyole mawu 250 ndipo chikhale m'zigawo zinayi zokhala ndi timitu: chiyambi, njira, zotsatira ndi mfundo yomanga.

Chigawo cha chiyambi chili ndi ziganizo ziwiri zokha. Choyamba chikunena kukula kwa vuto, kuti kunyentchera kotereku kumathandizira imfa za ana pafupifupi miliyoni imodzi chaka chilichonse. Chachiwiri chikunena chimene ofufuzawo ankaganizira, kuti mwina kuwonjezera mankhwala opha mabakiteriya pa chakudyacho kungachiritse ana ambiri ndi kuchepetsa imfa. Basi, n'kudumphira kwina. Mwana wa mchemwali wanga akadalemba iyeyo, akadayamba ndi tanthauzo la kunyentchera, mitundu yake, mbiri ya chiponde ndi zolinga za boma, mawu 250 n'kuthera pakhomo asanalowe m'nyumba.

Chigawo cha njira chikuyankha mafunso amene munthu wochenjera angafunse asanakhulupirire chilichonse. Ndani? Ana a ku Malawi a miyezi 6 mpaka 59, onyentchera kwambiri koma opanda zovuta zina zowagoneketsa. Adawachita chiyani? Adawagawa mwamaere m'magulu atatu. Gulu lina lidalandira amokisisilini, lina mankhwala otchedwa sefidini, lachitatu lidalandira mankhwala ongofanizira opanda mphamvu iliyonse, onse kwa masiku 7, ndipo onse ankadya chiponde. Makolo ngakhalenso azaumoyo sankadziwa kuti mwana uyu ali gulu liti. Adayeza chiyani? Zinthu ziwiri zikuluzikulu: kuchuluka kwa ana ochira ndi kuchuluka kwa ana omwalira.

Taonani kuti mawu oti "mwamaere" ndi oti "sankadziwa" ndi ochepa koma ndiwo asenza katundu. Amauza wowerenga kuti kusiyana kumene kungaoneke pakati pa maguluwo sikudabwere chifukwa namwino adapereka mankhwala enieni kwa ana amene ankaoneka kuti apulumuka kale. Wolemba chidule akasowa malo, mawu ngati amenewa si oti awadule. Adule ena.

Kenako zotsatira, ndipo chigawo ichi ndicho chachitali kuposa zonse, monga zimayenera kukhalira. Ana onse adali 2,767. Mwa ana 100 alionse, amene adachira adali 88.7 pa gulu la amokisisilini, 90.9 pa gulu la sefidini ndi 85.1 pa gulu la mankhwala ongofanizira. Amene adamwalira adali 4.8, 4.1 ndi 7.4 motsatana momwemo. Kunena mwachimvekere, pa ana 1,000 osalandira mankhwala enieni padamwalira 74, pamene pa ana 1,000 olandira amokisisilini padamwalira 48. Pambali pa manambalawa chidulecho chikuperekanso malire osonyeza mmene kusiyanako kungadaliridwire, kuti katswiri aone yekha ngati sikudangochitika mwamwayi.

Mfundo yomanga ndi chiganizo chimodzi, chakuti kuwonjezera mankhwalawa kudayenda limodzi ndi kuchira kwa ana ambiri ndi kutsika kwa imfa. Pamapeto pake patchulidwa amene adapereka ndalama ndi nambala imene kafukufukuyo adalembetsera asanayambe.

Namwino wa pachipatala chaching'ono amene wangowerenga ndime imeneyi pafoni akhoza kufotokozera mnzake bwinobwino kuti adafunsa chiyani, adachita chiyani, adapeza chiyani. Chidule chagwira ntchito yake. Koma namwino yemweyo sangapereke mankhwala potengera ndimeyi, chifukwa mlingo wa mankhwala pa kulemera kwa mwana mulibemo. Mulibenso maina a zipatala, kapena mmene ankatsatira ana amene sadabwerenso kusikelo. Zonsezo n'zofunika ndipo zili m'pepala. Olembawo adazisiya dala, podziwa kuti ofuna kudziwa yankho ndi ambiri, pamene ofuna kubwereza ntchitoyo ndi ochepa ndipo adzatsegula okha pepala lonse.

Pali chinanso. Mu 2016 magazini yomweyo idasindikiza kafukufuku wofanana amene adachitika ku Niger pa ana oposa 2,400, ndipo kumeneko amokisisilini sadaonetse kusiyana kodalirika pa kuchira kwa ana. Munthu woona zidule ziwirizi motsatana amazindikira msanga kuti ndi mayiko awiri osiyana, n'kuyamba kudzifunsa chimene chidasiyanitsa ana a kuno ndi a uko. Chidule choyamba chikadangoti "ana onyentchera" osatchula Malawi, chikadaoneka ngati chikulankhulira dziko lonse lapansi. Dzina la malo ndi liwu limodzi, koma ndi mpanda wa zimene mukunena.

Kalembedwe ka timitu aka sikakale kwenikweni. Kadayamba mu 1987 pamene magazini ya Annals of Internal Medicine idafalitsa pempho la gulu la akatswiri amene adatopa ndi zidule zosanena kanthu. Masiku ano magazini ambiri a zachipatala amatero, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. M'maphunziro ena, monga a mbiri, zilankhulo kapena malamulo, chidule chimakhala ndime imodzi yopanda timitu, ndipo nthawi zina mulibe nambala n'imodzi yomwe. Koma fupa lake ndi lomwelo. Wofufuza za nyimbo za pamtondo ayenerabe kunena kuti adamvetsera nyimbo za kuti, adazisanthula motani, ndipo mfundo imene akuimirira ndi iti. Kungonena kuti pepalali likuunika nyimbo za pamtondo n'kutchula mutu kawiri.

Zoyenera kutsala kunja

Choyamba kutuluka ndi maumboni a mabuku ena. M'kati mwa pepala mukalemba dzina la katswiri ndi chaka, kapena kanambala kakang'ono pamwamba pa liwu, wowerenga amapita kumapeto n'kukapeza buku lake. Chidule chikamayenda chokha, ndandanda ya mabukuyo imatsala kunyumba, ndipo kanambala kaja kamaloza pamene palibe kanthu. Kulankhula chilungamo, lamuloli lili ndi pothawira. Magazini ya Nature imalola maumboni m'ndime yake yotsegulira, ndipo pepala limene ntchito yake yonse ndi kuyankha pepala lina limatha kulitchula. Koma pa disetesheni wamba, maina a akatswiri adikire chaputala 2. Chidule ndi malo a zimene mwapeza inuyo.

Chifukwa chomwechi ndicho chimachotsa matebulo, zithunzi, ndi mawu oti "onani tebulo 3". Chimachotsanso zilembo zofupikitsa maina zimene simudazimasulire. Munthu akakhala ndi kafukufuku wake chaka chathunthu, zilembo zimenezi zimasanduka ngati maina a ana ake, n'kuiwala kuti mlendo sakuwadziwa. Ngati dzina lalitali likupezeka kamodzi kokha m'chidule, lilembeni lonse. Ngati likubwerezedwa katatu kapena kanayi, limasulireni koyamba kenako mufupikitse.

Malonjezo nawo atuluke. Ziganizo zonga "zotsatira zakambidwa" kapena "malangizo aperekedwa" zimadya malo koma sizidyetsa wowerenga. Ena amalemba chonchi poganiza kuti akabisa yankho anthu adzakopeka kuti awerenge buku lonse, ngati mmene sewero la pawailesi limathera pamene zafika pokoma. Zimachitika n'zosiyana. Wofufuza amene ali ndi mapepala 200 pamaso pake akaona chidule chosanena chimene chidapezeka, amangodutsa. Akatswiri ena a fizikisi, motsogozedwa ndi Michael Berry, adaonetsa mbali inayo mu 2011. Mutu wa pepala lawo udali funso, ndipo chidule chonse chidali mawu awiri okha a Chingerezi otanthauza kuti mwina ayi. Anthu adaseka, ndipo sindikulangiza wophunzira aliyense kuyesa zimenezi kwa asupavayiza ake, koma yankho adalipereka.

Cholakwa chachikulu kuposa zonsezi, kwa ine, ndi kuika m'chidule chinthu chimene m'pepala mulibe. Nthawi zambiri sikukhala kunama kwadala. Wolemba amalemba chidule pepala lisanathe, kenako aunika amamuuza kuti achotse mayankho ena osakwanira ndi kuwerengetsanso. Manambala a m'kati amasintha, koma a m'chidule amatsala akale. Musaganize kuti izi n'za ophunzira okha. Mu 1999 Roy Pitkin ndi anzake adafalitsa mu JAMA zimene adapeza atayerekeza zidule ndi mapepala ake m'magazini asanu ndi imodzi akuluakulu a zachipatala. M'magazini imene idachita bwino kwambiri, zidule 18 mwa 100 zilizonse zidali ndi manambala osagwirizana ndi a m'pepala kapena osapezekamo n'komwe. M'magazini imene idachita moipa zidali 68. Ndiye chifukwa chake chidule, ngakhale chimakhala kumayambiriro, chimalembedwa pomaliza, ndipo chimaunikidwanso nthawi iliyonse pepala likasintha.

Palinso mtundu wina wa vutoli umene ndi wovuta kuugwira, chifukwa nambala iliyonse payokha imakhala yoona. Aliyense amene adagulapo tomato wa pamulu akuudziwa: zazikulu zosalala pamwamba, zophwanyika pansi. Ofufuza amasankhiratu chinthu chachikulu chimene akufuna kuyeza. Chikapanda kutuluka mmene ankayembekezera, mtima umawakokera ku kanthu kena kakang'ono kamene kadatuluka bwino, n'kukaika pamwamba. Mwina mankhwala sadachepetse imfa, koma odwala a msinkhu wina adanenepako pang'ono, ndiye chidule chimadzaza ndi kunenepako. Mu 2010 Isabelle Boutron ndi anzake adaunika mapepala 72 a kafukufuku woyesa mankhwala ndi njira zina zochizira amene chotsatira chake chachikulu sichidaonetse kusiyana kodalirika. M'mapepala oposa theka, mfundo yomanga ya m'chidule idali yokometsedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wowerenga akhoza kuzigwira izi popanda kukhala katswiri wa masamu. Onani chimene chigawo cha njira chanena kuti ndicho chachikulu choyezedwa, kenako muone ngati zotsatira zayamba ndi chomwecho. M'chidule cha chiponde chija adalonjeza kuchira ndi imfa, ndipo manambala oyamba ndi a kuchira ndi imfa. Za kukwera kwa sikelo zidabwera pambuyo, m'chiganizo chimodzi. Mukaona chidule chalonjeza china koma chikuchedwa pa china, kapena chadzaza mawu oti "zikuonetsa chiyembekezo" popanda nambala, tsegulani pepalalo musanakhulupirire. Kwa wolemba, phunziro lake ndi lakuti kusapeza kusiyana nakonso n'chotsatira. Chilembeni poyera. Ofufuza a ku Niger aja adatero, ndipo pepala lawo lidatuluka m'magazini yomweyo imene idasindikiza la kuno.

Kukokomeza kumalowanso pa chiganizo chomaliza. Wophunzira wacheza ndi amayi a m'midzi iwiri ya boma limodzi, koma chidule chikutha ndi kunena za amayi a m'Malawi, mwinanso kulamula kuti boma lisinthe malamulo. Kapena wapeza kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, koma walemba kuti china chimayambitsa chinzake. Oyesa mayeso amaona zimenezi msanga, chifukwa chidule ndicho amayamba kuwerenga, ndipo akayamba kukukayikirani patsamba loyamba, machaputala onse amawawerenga ndi diso lomwelo.

Owerenganso ali ndi mlandu wawo, ndipo ndinene poti ndimauona kawirikawiri. Ophunzira ambiri amadzaza chaputala 2 ndi mapepala amene adangowerenga zidule zake. N'zomveka, bando ndi yodula ndipo mapepala ena ndi otsekedwa. Koma kandimverere adakanena za m'maluwa. Chidule, ngakhale cholembedwa bwino, sichikhala ndi malo okwanira ofotokozera zofooka za kafukufuku, ndipo taona kale kuti manambala ake akhoza kusiyana ndi a m'kati. Chigwiritseni ntchito posankha choti muwerenge. Ngati mfundo yanu yatsamira pa pepala lina, lipezeni lonse, ngakhale polembera kalata wolemba wake, poti ambiri amatumiza mwaulere akapemphedwa.

Usiku uja ine ndi mwana wa mchemwali wanga sitidakonze tsamba lakelo. Tidalisiya pambali. Ndidamuuza atseke laputopu andiuze pakamwa, m'Chichewa, ngati akufotokozera agogo ake: unkafuna kudziwa chiyani, udafunsa ndani ndipo angati, kuti, liti, adakuuza chiyani, ndiye iwe ukuti bwanji. Adayankha mosajejema, chifukwa ntchito yake ankaidziwa. Ndinkalemba mayankhowo papepala, ndipo atatha ndidamupatsa kuti awaike m'Chingerezi, zimene adachita ndi zimene adapeza azilembe monga zinthu zochitika kale. Chiyambi chidatenga ziganizo ziwiri, njira zitatu, zotsatira zinayi, mfundo yomanga chimodzi. Pansi pake tidaika mawu ofufuzira asanu, aja amathandiza kuti wofunafuna pakompyuta alipeze bukulo, ndipo tidasankha mawu amene munthu angatayipe, kuphatikizapo dzina la boma limene adachitirako kafukufuku. Akatswiri atatu aja adabwerera ku chaputala 2.

Kenako tidatsegula chaputala 4 n'kuyamba kulondola nambala iliyonse ya m'chidule. Imodzi sidagwirizane. Pakamwa adatchula chiwerengero cha anthu onse amene adawapatsa mafunso, pamene matebulo ake adawerengera okhawo amene adayankha mokwanira.

"Amalume, ndi anthu ochepa chabe, angaone ndani?"

Ndidamuuza kuti woyesa mayeso akhoza osaona, koma tsiku lina munthu amene alibe chaputala 4 adzakopera nambalayo n'kuiika m'buku lake. Adaikonza.

Inu amene muli ndi buku lodikira kukabayinditsa, tengani pensulo, muike chidule kumanja ndi chaputala cha zotsatira kumanzere. Nambala iliyonse ndi mfundo iliyonse ya m'chidule muipeze m'katimo, muichonge. Imene simuipeza, ifufuteni.